Imelo ya chizungu cha mu ofesi: momwe mungailembere m'Chichewa choti a tcheyamani kumudzi amve n'kuchitapo kanthu

Ngati mumagwira ntchito ku bungwe kapena pulojekiti yomwe ili ndi komiti kumudzi mukudziwa kale mmene zimakhalira, imelo yabwera kuchokera kwa abwana kapena kwa opereka thandizo, akuti muwauze a komiti, ndiye inu mwatsala ndi chizungu chodzadza ndi timawu ta up, off, back ndi out pomwe woyenera kuchitapo kanthu ndi a tcheyamani amene meseji yanuyo akaiwerenga mokweza pansi pa mtengo gulu lonse likumvetsera. Ntchito yanu apa si yomasulira liwu ndi liwu ayi. Ntchito yanu ndi kufufuza kuti m'kalatamo ndani akuyenera kupanga chani, liti, ndi ndalama zingati, kenako chizungucho muchiike pambali mulembe uthenga watsopano. Tiyeni titenge imelo imodzi tiyende nayo mpaka kumapeto.

Tinene kuti gulu la alimi a ulimi wothirira likudikira pampu ya sola, ndalama zoyamba analandira kale, ndipo Lolemba pa 4 Ogasiti inu mwalandira izi:

```
Just circling back on the solar pump roll-out. We have had to push back
the site visit to 14 Aug, and the training has been called off for now.
The second tranche of MK1.2m will only be disbursed once the committee
hands in the outstanding receipts and finance signs off on the liquidation.
Please have them fill in the attached form and get it to us by COB Friday.
We also need buy-in from key stakeholders on the in-kind contribution.
We will look into topping up the transport allowance, but going forward
per diems will be phased out.
```

Poyamba penipeni musathamangire kulemba Chichewa. Tengani pepala, werengani imelo yonse kawiri, ndiye mugawe zomwe zilimo m'magulu atatu: zomwe zasintha kale, zomwe a komiti akuyenera kupanga, ndi zomwe wolembayo wangozitchula koma sanalonjeze. Mu imelo yathuyi zosintha ndi tsiku lobwera alendo ndi maphunziro. Zoti a komiti apange ndi malisiti, fomu, komanso kukambirana ndi anthu za zomwe mudzi upereke. Zongotchulidwa ndi za kuonjezera ya thiransipoti. Za per diems, alawansi ija ya pa misonkhano yoti izitha pang'onopang'ono, ili pakatikati, chiganizo chapangidwa koma tsiku palibe. Zotsala zonse, monga circling back ndi going forward, n'zongodzadzitsa kalata, zitayeni, palibe amene angataye kanthu. Circling back ndi munthu amene akungonena kuti ndabweranso pa nkhani ija basi.

Mukagawa choncho bwererani pa timawu tiwiritiwiri tija, chifukwa ndi pomwe anthu amagwera, olo amene anakhoza bwino chizungu pa MSCE. Vuto lake ndi loti liwu loyambalo mumalidziwa, push, call, look, sign, ndiye mutu umathamanga n'kumasulira lomwelo, pomwe tanthauzo lenileni lanyamulidwa ndi kachiwiri kaja kakang'ono. Ndiye lamulo langa ndi ili: musamawerenge liwu loyamba palokha, werengani onse awiri ngati liwu limodzi, ndipo muzidzifunsa kuti kodi izi zikusintha tsiku, zikuthetsa chinthu, kapena zikulonjeza chinthu?

Tiyambe ndi za masiku. Push back ndi kusuntha tsiku kuti chinthu chichedwerepo, chimodzimodzi put off. Bring forward ndi kufulumizitsa, chinthu chichitike tsiku lija lisanafike. Apa pali msampha wa ife eni ake, chifukwa ife chinthu chikachedwetsedwa timati achisunthira kutsogolo, ndiye munthu akaona back amaganiza za m'mbuyo, akaona forward amaganiza za kutsogolo, n'kutembenuza nkhani yonse chadodolido. Njira yozembera zonsezi ndi yophweka, musalembe kutsogolo kapena m'mbuyo, lembani masiku onse awiri. Alendo amayenera kubwera Lachinayi pa 7 Ogasiti, tsopano abwera Lachinayi pa 14 Ogasiti. Onani kuti tsiku lakalelo mu imelo mulibe, wolembayo akuganiza kuti aliyense akulikumbukira, ndiye ndi inu woti mulifufuze mu makalata akale n'kuliikamo. Mukapanda kutchula tsiku lakale kuti lafafanizidwa, ena amva kuti alendo akubwera kawiri, pa 7 azimayi aphika, amfumu avala jekete, anthu asiya kumadimba kudikira galimoto yomwe sikubwera.

Call off ndi nkhani ina, kumeneko ndi kulepheretsa, chinthu sichichitikanso. Koma mu imelo yathu alemba called off for now, ndipo ka for now kameneko kakusintha zinthu, maphunziro ayamba aima kaye, mwina adzachitika mwina ayi, tsiku lina sanaike. Mukalemba kuti maphunziro athetsedwa mwanama, mukalemba kuti asunthidwa mwanamanso chifukwa funso lotsatira likhala lakuti asunthidwira liti ndipo yankho mulibe. Chichewa chathu chili ndi liwu lokwana bwino pamenepa, kaye. Maphunziro aja aimitsidwa kaye, tsiku lina silinadziwike.

Tsopano look into, amene ine ndimamuopa kuposa onse. We will look into topping up the transport allowance sikuti ndalama ya thiransipoti aonjezera, ndi kuti aiganizira, aona ngati zingatheke, ndipo kawirikawiri mu ofesi mawu amenewa ndi njira yaulemu yosayankhira. Koma munthu wamtima wabwino pofuna kusangalatsa a komiti amalemba kuti ya thiransipoti akuti aonjezera, ndiye pakatha miyezi iwiri osaonjezera, amene akuoneka kuti wadya ndalamazo ndi inuyo kapena a tcheyamani amene anawerenga mesejiyo pagulu. Mawu akuti tiona nawonso samalani nawo, amamveka mosiyana kutengera kamvekedwe ka pakamwa, ndipo pa meseji kamvekedweko palibe. Ndi bwino kulemba motalikirapo koma mosabisa: a ku ofesi akuti aganizira ngati n'kotheka kuonjezera, koma sanalonjeze. Mawu akuti sanalonjeze muwalembe ndithu, musawasiye kuti anthu adzimvere okha.

Sign off si kungosaina ayi, ndi kuvomereza kuti zonse zili bwino pambuyo pounika. Kusiyana kwake n'kofunika chifukwa kusaina ndi kwa mphindi imodzi pomwe kuunika malisiti kutha kutenga masiku, ndiponso a zachuma atha kukana lisiti lina n'kulibweza. Ndiye a komiti asamve kuti tikangopereka malisiti mawa lake ndalama zalowa. Chiganizo chonsecho chaima pa only ndi once, kutanthauza kuti pali makomo awiri oti adutse, malisiti aperekedwe, kenako a zachuma akhutire nawo. M'Chichewa muike pokhapokha, ndipo makomo awiriwo muwatchule motsatana mmene adzachitikire. Pomwepo pali outstanding, yemwe kusukulu tinaphunzira kuti ndi mwana wokhoza kwambiri, koma pa nkhani za ndalama ndi zomwe sizinaperekedwe, malisiti otsalira. Liquidation anthu a mu ofesi amangoti kulikwideta, koma kumudzi nenani chomwe chimachitika: kuonetsa ndi malisiti mmene ndalama zoyamba zija zinagwirira ntchito. Tranche ndi gawo la ndalama, disbursed ndi kutumizidwa kapena kuperekedwa. Phase out ndi kuthetsa pang'onopang'ono, osati kudula lero lomwe.

Mukafika apa muona kuti tanthauzo la mawu mwalipeza koma uthenga simungaulembebe, chifukwa imeloyo ili ndi mabowo. Ichi ndiye chinthu chomwe ambiri amadumpha: bwererani kwa amene analemba mukafunse. Palibe chamanyazi, chizungu cha mu ofesi chimalola munthu kulemba chiganizo chomveka bwino chopanda dzina la munthu, chopanda nambala, chopanda tsiku, ndipo Chichewa chopita kwa munthu woti akachite chinthu sichilola zimenezo. Mayeso ake ndi awa, pa mzere uliwonse ganizirani a msungichuma akuimika dzanja kufunsa kuti ati? zingati? liti? ndani? Ngati simungayankhe, funso limenelo lipite ku ofesi lero lomwe.

Pa imelo yathuyi mafunso ake ndi awa. Malisiti otsalirawo ndi ati, a ndalama zingati? COB Friday ndi Lachisanu liti, nthawi yanji? COB ndi nthawi yotsekera ofesi, ambiri amati 5 koloko madzulo, koma maofesi ena Lachisanu amaweruka masana ndiye musangoganizira. Key stakeholders ndi ndani, amfumu, a komiti ya chitukuko ya m'mudzi, alangizi a zaulimi, kapena onsewo? In-kind contribution ndi zomwe mudzi upereke zosakhala ndalama, chabwino, koma ndi chani kwenikweni, njerwa, mchenga, miyala, anthu okumba? Nanga buy-in, kuvomereza kwa anthu kuja, akufuna iwoneke bwanji, kungovomera pakamwa pa msonkhano kapena kalata yosainidwa ndi chidindo cha amfumu? Ndipo alawansi iyamba kuchepa liti, idzatheratu liti?

Tinene kuti ayankha motere. Pa K800,000 yoyamba ija malisiti omwe anafika ndi a K615,000, otsala ndi a K185,000, omwe ndi K140,000 ya mapaipi ndi K45,000 yonyamulira katundu. Lachisanu lake ndi la pa 8 Ogasiti, 12 koloko masana. Ofunika kuvomereza ndi a gulupu ndi a komiti ya chitukuko, ndipo akufuna kalata yosainidwa yoti mudzi upereka mchenga, njerwa ndi anthu okumba ngalande ya mapaipi, ikhale itakonzeka pofika tsiku la alendo. Alawansi ikhala mmene ilili mpaka kumapeto kwa Seputembala, kuyambira Okutobala idzakhala theka, Januwale idzatheratu. Mwaona kusiyana kwake? Outstanding receipts tsopano asanduka mapepala awiri omwe a msungichuma atha kukawafufuza mu chikwama chawo usiku womwewo. Ndipo poti mukudziwa kuti wa ngolo kapena wa kabaza sakhala ndi buku la malisiti, funsiranitu kuti pa K45,000 ija a zachuma alandira chani, mwina kapepala kolembedwa pamanja kosainidwa ndi wonyamulayo ndi mboni. Yankho lake liikeni mu uthenga, apo ayi a komiti akhala masiku atatu akudandaula za lisiti lomwe silinakhaleko n'kale.

Chotsatira ndi kuwerengera masiku kuchokera kumudzi, osati kuchokera ku ofesi. Lachisanu 12 koloko ndi nthawi yoti mapepala akhale ali pa desiki ya a zachuma. A komiti tsiku lawo si limenelo. Fomu ija ili pa imelo ngati chomata, a tcheyamani mwina ali ndi kafoni ka mabatani, olo atakhala ndi foni ya WhatsApp fomu yoti adzaze ndi cholembera siingadzazidwe pa foni, ndiye wina aipulinte, aipititse, adikire kuti adzaze, abwere nayo. Ngati wina ameneyo ndi inu, nenani kuti mubwera liti ndipo tsiku limenelo ndi lomwe lilowe mu uthenga. Tinene kuti mupita Lachinayi pa 7 mmawa. Apa samalani, ili ndi tsiku lomwe lija amayembekezera alendo, ndiye mulembe momveka kuti mukubwera nokha kudzatenga mapepala, si ulendo wa alendo uja. Tsiku la sabata ndi deti ziziyendera limodzi nthawi zonse, Lachinayi pa 7 Ogasiti. Osalemba mawa, mkuja, kapena Lachisanu likubwerali, chifukwa meseji itha kufika lero koma foni ili kotchajitsa, n'kudzawerengedwa patapita masiku awiri, mawa lanu lija litadutsa kale.

Ndalama nazo muzilembe zonse ndi maziro ake. MK1.2m ndi chidule cha mu ofesi, lembani K1,200,000, ndipo poti uthengawu ukawerengedwa mokweza sikulakwa kuonjezera mmene timanenera pakamwa, 1.2 miliyoni kwacha. Kadontho kamodzi kosaoneka bwino pa sikirini yosweka katha kusandutsa 1.2 kukhala 12.

Tsopano nkhani ya ndani. Chizungu cha mu ofesi chimakonda kubisa wochita, has been called off, will be disbursed, will be phased out, osanena kuti ndi ndani waimitsa, ndani atumize. Ife tikamasulira timathawira ku a-, aimitsa, asintha, akuti, ndipo a- wathuyu ndi wosokoneza chifukwa atha kukhala anthu ambiri, atha kukhala munthu mmodzi wolemekezeka, atha kukhala aliyense. Meseji yoti asintha tsiku ikawerengedwa pagulu wina aganiza kuti ndi a tcheyamani asintha, wina aganiza amfumu. Ndiye chiganizo chilichonse chikhale ndi mwini wake wotchulidwa: a ku ofesi asintha, a zachuma aunika, a msungichuma akonze, ine ndibwera. Samalaninso ndi ife. We wa mu imelo ndi a ku likulu, koma inu mukalemba kuti tiganizira zoonjezera ya thiransipoti mwadziika nokha m'gulu la opanga chiganizo, ndipo ndi inu amene muzidzafunsidwa pa msika.

Kuti muone kuipa komasulira mzere ndi mzere, imelo ija ikanatuluka chonchi: Tikuzunguliranso pa nkhani yotulutsa pampu. Takankhira m'mbuyo kuyendera malo ndipo maphunziro aitanidwa. Tikufunanso kugula kuchokera kwa okhudzidwa ofunikira. Mawu onsewo ndi Achichewa koma palibe angadziwe choti apange, ndipo ka kugula kaja kayambitsa mphekesera yoti bungwe likufuna kugula malo a dimba. Palinso Chichewa china cha mu ofesi chomwe sichilakwa galamala koma n'chopanda kanthu, monga kupititsa patsogolo ntchito, onse okhudzidwa, kulimbikitsa umwini. Chimamveka bwino pa wailesi, koma mu uthenga woti munthu akachite chinthu Lachinayi, m'malo mwa onse okhudzidwa lembani a gulupu ndi a komiti ya chitukuko. Mbali inayi musachite kuvutika kupeka mawu a Chichewa chozama pa zinthu zomwe anthu amazitchula kale ndi mawu obwereka. Fomu ndi fomu, lisiti ndi lisiti, komiti, pampu, sola, alawansi, thiransipoti, aliyense amawadziwa. Muyeso wake si wakuti liwulo linachokera kuti, koma ngati agogo a m'gululo amalinena pakamwa pawo.

Polemba penipeni musatsate ndondomeko ya imelo. Imelo inayamba ndi za alendo, zoti a komiti apange zili pakati. Inu yambani ndi moni waulemu, wamfupi koma osadumpha, chifukwa meseji yongoyamba ndi lamulo kwa munthu wamkulu imamveka ngati mukumutuma mwana, kenako dzitchuleni kuti ndinu ndani poti nambala yanu mwina sanaisunge, kenako nenani kuti nkhani zilipo zingati kuti owerenga adziwe ngati ina yasowa. Yambani ndi yofulumira kwambiri. Chiganizo chimodzi chinyamule chinthu chimodzi. Ulemu wake ukhale wa inu ndi a, ndi mawu ngati chonde, ndimapempha, koma ulemuwo usafewetse tsiku lomaliza mpaka kumveka ngati n'zochita kufuna. Kulemba kuti mukapeza mpata mukonze malisiti ndi mawu okoma, koma atanthauza kuti olo sabata ya mawa zili bwino.

Uthenga wake utha kukhala uwu:

Muli bwanji a tcheyamani ndi a komiti nonse? Ndine mlangizi wanu wa pulojekiti ya pampu ya sola. Ndili ndi nkhani zinayi zochokera ku ofesi, chonde muwawerengere anzathu onse.

Yoyamba ndi yofulumira. Ndalama za gawo lachiwiri, K1,200,000, a ku ofesi atumiza pokhapokha malisiti otsala aperekedwe ndipo a zachuma awaunike n'kukhutira nawo. Otsalawo ndi awiri: la mapaipi la K140,000 ndi la onyamula katundu la K45,000. Ngati wonyamula katundu alibe lisiti, alembe pa pepala ndalama zomwe analandira, asaine iye ndi mboni imodzi. A msungichuma akonzeretu zimenezi. Ine ndibwera ndekha Lachinayi pa 7 Ogasiti, 9 koloko mmawa, kudzatenga. Ndibweretsanso fomu yoti tidzadzaze limodzi, ndiye a tcheyamani, a mlembi ndi a msungichuma mudzakhalepo.

Yachiwiri. Alendo a ku ofesi amene amayenera kubwera pa 7 Ogasiti sabweranso tsiku limenelo. Abwera Lachinayi pa 14 Ogasiti.

Yachitatu. A ku ofesi aimitsa kaye maphunziro aja. Tsiku lina sanatiuze. Akatiuza ndidzakudziwitsani.

Yachinayi. A ku ofesi akupempha kuti mukhale pansi ndi a gulupu ndi a komiti ya chitukuko, mugwirizane ngati mudzi upereke mchenga, njerwa ndi anthu okumba ngalande ya mapaipi. Mukagwirizana, pakhale kalata yosainidwa pofika pa 14 Ogasiti. Zikomo kwambiri, mukalandira uthengawu mundiflashe ndikuimbireni.

Mwina mwaona kuti za alawansi mulibemo. Sindinaziiwale, ndazipatula dala, ndipo apa ena atsutsa koma maganizo anga ndi awa: nkhani ya ndalama za m'thumba mwa anthu ikalowa mu uthenga umodzi ndi malisiti, msonkhano wonse ukambirana za alawansi ndipo malisiti aja palibe awakumbukire. Kuzipatula sikutanthauza kuzibisa kapena kudikira Okutobala anthu adzadzidzimuke. Mukapita Lachinayi lija, malisiti ali m'manja, mukhale nawo pansi muwauze pamaso, kenako mutumize meseji yachiwiri kuti pakhale cholembedwa chomwe aliyense angabwerereko: Alawansi ya pa misonkhano ikhala mmene ilili mpaka kumapeto kwa Seputembala. Kuyambira Okutobala idzakhala theka. Kuyambira Januwale sidzakhalaponso. Ichi ndi chiganizo cha a ku ofesi. Za kuonjezera ndalama ya thiransipoti akuti aganizira ngati n'kotheka, koma sanalonjeze. Onani kuti nkhani yowawayo sindinaikulunge ndi mawu ambiri, ndipo ya thiransipoti sindinaiike poyamba ngati shuga wotsekemeretsa, chifukwa anthu agwira yokomayo n'kuitenga ngati malipiro a yowawayo.

Pa yachinayi ija taonaninso kuti ndalemba mugwirizane ngati mudzi upereke, sindinalembe kuti mudzi upereke basi. Buy-in ndi kuvomereza kochokera mumtima, kutanthauza kuti anthu ali ndi mpata wokana kapena wonena kuti njerwa sitingakwanitse koma mchenga ndi anthu tipereka. Mukaisandutsa lamulo mwasintha zomwe a ku ofesi anapempha, ndipo a gulupu akamva kuti zagamulidwa kale iwo asanafunsidwe, kalata ija ichedwa kusainidwa pa zifukwa zomwe palibe adzakuuzeni.

Za katumizidwe. Ngati ndi WhatsApp tumizani zolemba, kenako mujambulenso mawu mukuwerenga zomwezo, osaonjezera zina za m'mutu, kuti amene kuwerenga kumawavuta amve okha, koma zolembazo zikhalepo ndithu chifukwa nambala ndi masiku munthu amafuna kuziyang'ananso. Ngati ndi meseji wamba ya pa kafoni ka mabatani, kumbukirani kuti imodzi imanyamula zilembo 160, yaitali imadulidwa m'zidutswa ndipo pomwe netiweki ndi yovuta chidutswa china chitha kuchedwa kapena kusowa. Ndiye tumizani nkhani iliyonse payokha ndi nambala yake, 1 mwa 4, 2 mwa 4, choncho. Kanthu kena komwe ambiri sadziwa, mukaikamo chilembo cha ŵ chokhala ndi kadenga kaja kapena tizithunzi toseka, meseji imodzi imatsika kufika pa zilembo 70 zokha, ndiye mayunitsi atha msanga ndipo zidutswa zichuluka. Lembani w wamba, amva bwinobwino.

Musanatumize werengani mokweza nokha, pakamwa osati mumtima. Pomwe mpweya wakutherani chiganizo chisanathe, chiduleni pawiri. Pomwe mwamva kuti simungalankhule choncho kwa malume anu, pali chizungu chomwe chabisala pansi, chikonzeni. Kenako tengani imelo ija ndi pepala lanu la magulu atatu muyerekeze mzere ndi mzere, masiku, ndalama, ndi mphamvu ya mawu, kuti zomwe zinali mwina zikadali mwina, zomwe zinali pokhapokha zikadali pokhapokha. Ngati pali mnzanu mu ofesi amene imeloyo sanaione, mupatseni Chichewa chanucho akuuzeni zomwe wamva, akanena zosiyana ndi imelo ndiye kuti vuto lili mu zolemba zanu, osati m'makutu mwake.

Akakuflashani imbani, ndipo musafunse kuti mwamva? chifukwa yankho lake ndi eee tamva nthawi zonse, munthu waulemu sanganene kuti sindinamve kwa mlangizi. Funsani mafunso oti ayankhe ndi zomwe zili mu uthengamo, koma mwaulemu, ngati mukudzikumbutsa nokha: a tcheyamani, paja tinati ine ndibwera liti? Nanga alendo aja? Malisiti aja a msungichuma awapeza onse awiri, la mapaipi lija lilipo? Akayankha kuti alendo ndi Lachinayi, funsaninso kuti Lachinayi la pa deti yanji, poti Lachinayi alipo awiri mu nkhaniyi. Akati la mapaipi lilipo koma lalembedwa K135,000 osati K140,000, musadikire kuti mukazionere konko, imbirani a zachuma tsiku lomwelo muwafunse kuti K5,000 yotsalayo akufuna ifotokozedwe bwanji, kuti pofika pa 7 mupite ndi yankho limodzi ndi fomu ija.